Kamera ikuona nkhope koma sikutchula dzina, ndalakwitsa pati?

Membala wosadziwika: Akuluakulu ndithandizeni, Lolemba ndiyenera kukaonetsa ntchito. Malume anga ali ndi shopu ya zipangizo zomangira, antchito alipo 9, ndipo amasainirana m'buku wina akachedwa. Ine ndangoyamba kumene Python, ndiye ndinadzitama kuti ndiwapangira pulogalamu yoti munthu akaima pa kamera izilemba dzina lake ndi nthawi. Anandipatsa kale ya bandulo, ndipo azakhali sasiya kunena kuti ndadya ndalama. Laputopu ndi ya msuweni wanga, amailanda akafuna kuonera mpira, kuwonjezera apo magetsi anazima masiku awiri. Panopa ndikaima pa kamera pakubwera kabokosi kobiriwira pankhope panga bwinobwino. Koma dzina ayi. Dzulo kabokosi kena kanakagwera pa chitenje cha mayi wina wodzagula penti. Kodi OpenCV yanga, laibulale yomwe ndikugwiritsa ntchito popeza nkhope, ndi yowonongeka?

Kapitawo wa ku Kanengo: MPHWANGA SIYA ZIMENEZO. Gula kamakina ka zidindo za zala basi. Kamera ya laputopu ndi chidole. Ine kwathu tinayesa za nkhopezi, mlonda anangoonetsa chithunzi cha mnzake pa foni, makina n'kulemba kuti wafika pomwe munthuyo ali kumaliro ku Ntcheu.

Mayi a Mapasa: Ndiye mwalandira ndalama ntchito musanaidziwe? Azakhaliwo sakulakwa.

Wa ku Joni: Nkhani ya chitenjeyo ndi `minNeighbors`, nambala yonena kuti malo apezeke kangati kuti avomerezedwe ngati nkhope. Ngati munaika 3, kwezani ifike 5 kapena 6, timabokosi tabodza tichepa. Likatha vuto limenelo dzina lizibwera lokha.

Mlongo wa Makhodi: Achimwene ofunsa, simunatiuze chinthu chachikulu: khodi yanu ikuti chiyani? Ikani pano. A ku Joni akunena zoona pa timabokosi tabodza, koma dzina silingabwere chifukwa cha zimenezo.

Membala wosadziwika: Ndi iyi asisi, ndinaitenga pa vidiyo ina. Fayilo yake ndi `haarcascade_frontalface_default.xml`.

```python
nkhope = cascade.detectMultiScale(gray, 1.1, 5)
for (x, y, w, h) in nkhope:
    cv2.rectangle(img, (x, y), (x+w, y+h), (0, 255, 0), 2)
```

Mlongo wa Makhodi: Palibe chawonongeka. Khodiyi ikugwira ntchito yomwe inapangidwira, kungoti mukuipempha ntchito ina. Taonani zomwe `detectMultiScale` ikubweza: manambala anayi pa nkhope iliyonse, awiri onena pomwe bokosi layambira, ena awiri mulifupi ndi msinkhu wake. Dzina lichokera pati pamenepo?

Njira imeneyi ndi ya Paul Viola ndi Michael Jones, ya mu 2001. Imayendetsa kawindo pachithunzi chonse n'kumafunsa mafunso a kuwala ndi mdima: kodi chigawo cha maso chadera kuposa masaya, kodi mzere wa mphuno wawala kuposa mbali zake? Malo akapambana mafunso onse, imati apa pali nkhope. Zomwe ikufufuzazo ndi zimene anthu tonse timafanana. Pomwe kuti mudziwe kuti uyu ndi uje, mufunika zimene timasiyana. Zili ngati kondakitala wa minibasi: amawerenga mitu n'kudziwa kuti akwera anthu angati, koma mumufunse kuti wakhala kumbuyoyo ndani, sakuuzani, pokhapokha akhale kuti anamuonapo ndipo wina anamuuza dzina.

Kapitawo wa ku Kanengo: Zonsezo ndi sukulu chabe. Ndanena kale, KAMERA. Muike ya ndalama zambiri muone ngati sizisintha. Apo ayi zala.

Wa ku Joni: Bwana, mwayamba ndi kuti asiye kamera, pano mukuti agule yodula. Tigwire ziti? Ndipo zala za anthu onyamula simenti tsiku lonse makina aja amazikana, ndinaziona ndekha kuntchito.

Kapitawo wa ku Kanengo: Iwe usandiphunzitse, ndayang'anira anthu zaka zambiri ine. Amene zala zake zikukana asambe m'manja.

Membala wosadziwika: Koma asisi zithunzi za antchito onse ndili nazo mu foda pa laputopu, ndipo fayilo iliyonse ndinailemba dzina la mwini wake. Ndimayesa kompyuta iziona yokha.

Mlongo wa Makhodi: Eya, vuto lija ndi limeneli. Mu khodi yanu mulibe mzere ngakhale umodzi wotsegula foda imeneyo. Pafunika gawo lachiwiri, ndipo kwa woyamba kumene chosavuta ndi laibulale ya Python yotchedwa `face_recognition`, yomwe imayendera pa laibulale ina, `dlib`. Imatenga nkhope yomwe yapezeka n'kuisandutsa manambala 128. Zithunzi ziwiri za munthu mmodzi zimatulutsa manambala oyandikana, za anthu osiyana zimatulutsa otalikirana. Ndiye mumayamba mwalembetsa aliyense, kusunga manambala ake pamodzi ndi dzina lake:

```python
img = face_recognition.load_image_file("malume.jpg")
malume = face_recognition.face_encodings(img)[0]
```

Wina akaima pa kamera mumatenganso manambala ake, n'kuyeza kutalikirana kwake ndi onse olembetsedwa aja pogwiritsa `face_distance`. Tiyerekeze kuti zatuluka chonchi: kwa malume 0.41, kwa mng'ono wawo 0.58, ena onse kupitirira 0.7. Malire omwe `compare_faces` imayambira ndi 0.6, choncho malume ndi mng'ono wawo onse awiri alowa. Musatenge woyamba pamndandanda, tengani wa nambala yochepetsetsa, amene pano ndi malume. Tsono kukabwera kasitomala, nambala yake yochepetsetsa n'kukhala 0.68, pulogalamu inene kuti sikumudziwa. Mukaiwala malirewo, aliyense wolowa m'shopu azipatsidwa dzina la wantchito yemwe wafanana naye pang'ono.

Mukaona `IndexError` pa `[0]` paja, dziwani kuti pachithunzicho sipanapezeke nkhope, mwina ndi chamdima kapena munthu anayang'ana kumbali. Kuzindikira sikuyamba ngati kupeza kwalephera. Chinanso, OpenCV imasunga mitundu ngati BGR pomwe `face_recognition` imafuna RGB, ndiye chithunzi cha pa kamera muzichitembenuza kaye ndi `cv2.cvtColor`.

Mayi a Mapasa: Nanga anga awiriwa, oti ngakhale agogo awo amawasokoneza? Foni ya mmodzi imatsekuka ndi nkhope ya mnzake, amangokhalira kukangana.

Mlongo wa Makhodi: Amayi, mapasa ofanana kwambiri njira imeneyi imawasokonezadi. Kutsitsa malire kufika 0.5 kumathandiza pa abale wamba, koma mukatsitsa kwambiri iyamba kukana mwini wake akavala chipewa kapena kukada. Pamafunika kuyesa ndi anthu anu omwewo, pamalo pomwe kamera izikhala.

Wa ku Joni: Ofunsa, chitenje chija chinali cha maluwa kapena cha chipani?

Membala wosadziwika: Cha chipani, chokhala ndi nkhope pakati.

Wa ku Joni: Ndiye ndabweza mawu anga, `minNeighbors` musaikhudze. Imeneyo ndi nkhope ndithu, yaipeza molondola.

Kapitawo wa ku Kanengo: MWAONA? Si zomwe ndimanena zija? Ngati ikulandira chitenje, ikana bwanji chithunzi cha pa foni? Anyamata a m'shopu azingotumizirana zithunzi, kusainirana kuja kupitirira.

Mlongo wa Makhodi: Apa a Kapitawo akunena zoona, ngakhale kamera yodula siithetsa. Kudziwa ngati nkhope ndi ya munthu wamoyo kapena ya papepala ndi ntchito yachitatu, ndipo `face_recognition` siichita. Ena amauza munthu kuti aphethire kapena atembenuze mutu, koma vidiyo ya pa foni ikhoza kupusitsabe zimenezo. Pa shopu yaing'ono, laputopu ingokhala pa tebulo la malume pomwe akuona. Komanso achimwene, antchitowo akudziwa kuti mukusunga nkhope zawo? Muwafunse kaye.

Kapitawo wa ku Kanengo: Ngati malume azikhala pomwepo kuyang'ana, pulogalamuyo ndi yachiyani? Buku lomwe lija likwana.

Membala wosadziwika: Zithunzizo ndinangozitenga pa WhatsApp, ena avala magalasi akuda, china ndi cha pa ukwati pali anthu atatu. Mawa ndikawapempha ndiwajambule bwino m'shopu momwemo. Koma pano `pip install face_recognition` yaima pa `dlib`, ikulemba zofiira zambirimbiri za CMake, ndipo msuweni wanga waima pakhomo akufuna laputopu yake. Alipo anadutsapo pamenepa?