Mnyamata akubweretsa ndalama, koma njinga ikudya zonse

Bambo a Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni masamu. Ndinagula njinga yamoto ya Lifo n'kupatsa mnyamata kuti aziyendetsa kabaza. Amabweretsa K60,000 pasabata, petulo ndi wake, zokonzetsa ndi zanga. Mwezi uno tayala lakumbuyo, tcheni ndi masiporoketi zafera pamodzi, ndalama ya masabata awiri yapita. Akundibera kapena ndi mmene zimakhalira?

Jah B: Akukuberani madala. Ena amagulitsa tayala latsopano n'kuikapo lakutha. Lembani nambala ya tayala musanamupatse.

Makaniko wa ku Ndirande: Nambalayo lembani ndithu, koma musafulumire kumutcha wakuba. Inu mumalandira ndalama powerenga masiku, pomwe njinga imatha powerenga makilomita. Tinene kuti akuyenda makilomita 120 patsiku, masiku 6 pasabata. Pamwezi ndi pafupifupi 3,000. Oyilo pa njinga yonyamula anthu m'fumbi ine sindilola apitirire makilomita 1,500, ndiye kuti kuthira kawiri pamwezi. Tayala lakumbuyo likakhala la makilomita 10,000, pakutha pa miyezi itatu ndi theka lasalala. Tcheni nayo imafika cha pomwepo ngati sapaka mafuta. Kufera pamodzi kumeneko si zachilendo.

Bambo a Chisomo: Vuto ndi lakuti mita ya makilomita siyenda.

Makaniko wa ku Ndirande: Yambirani pamenepo, achimwene. Kawirikawiri kamakhala kachingwe kochokera kutayala lakutsogolo, kaduka kapena wina wakamasula dala. Mukakonza, tengani mtengo wa tayala, wa tcheni ndi masiporoketi, wa mabuleki ndi wa oyilo, chilichonse mugawe ndi makilomita amene chimakhala. Kuphatikiza zonsezo mupeza zomwe kilomita imodzi imakudyerani. Ndalama imeneyo muziipatula sabata iliyonse, si phindu ayi.

Mayi Nabanda: Ine yanga ndimangopitira kuntchito, tayala latha chaka ndi theka lili bwinobwino. Mwina munagula lachabechabe.

Jah B: Amayi, yanu sinyamula matumba awiri a makala ndi munthu pamwamba. Komanso madala, tcheni yokha muzisintha, masiporoketi amapirira.

Makaniko wa ku Ndirande: Apo ndiye ayi. Tcheni yatsopano pa mano akutha imatambasuka msanga, mugulanso. Kokani tcheni kumbuyo kwa siporoketi yaikulu. Ikatukuka mpaka kuonetsa theka la dzino, kapena mano asongoka n'kupindika, sinthani zonse zitatu, tcheni ndi masiporoketi onse awiri. Chomwe ndimaopa ine ndi oyilo. Mnyamata akamadumphitsa, simudziwa mpaka utsi wabuluu utayamba kutuluka, ndipo pamenepo tikukamba zotsegula injini.

Mayi Nabanda: Inshulansi ndi COF, chiphaso choti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu, mwawerengera? Zimabwera kamodzi, koma muzigawe pamiyezi 12.

Bambo a Chisomo: Ndawerengera. Nanga nditamuuza kuti zokonzetsa zikhale zake, ine nditsitse ya pasabata?

Jah B: Azigula masipeya otchipa, oyilo n'kumathira wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu.

Makaniko wa ku Ndirande: Matayala ndi mabuleki mutha kumusiyira. Oyilo muzigula nokha, athire inu mukuona.