Wilo ya chidindo cha chala, mboni ina inasainira kunyumba kwake: tiyambire pati?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ku ofesi kwathu kwabwera mayi wamasiye ndi alamu ake awiri. Malemu anali bambo wa zaka 74, anadwala sitiroko, ndipo wilo inalembedwa patatsala masabata atatu kuti amwalire. Ndi yotayipa m'Chingerezi, pansi pali chidindo cha chala, chonsecho kale ankasaina okha. Nyumba ya ku Lilongwe ndi galimoto zapita kwa mwana wa mlongo wawo yemwe ankawasamalira, mayi ndi ana awiri sanatchulidwe n'komwe, wina ali Folomu 2. Mboni ndi mnzake wa mphwakeyo komanso mkulu wa mpingo. Mkulu wa mpingoyo wauza mayiwo kuti pepala anachita kumubweretsera kunyumba mawa lake, iye n'kusaina. Abale akuti tikanene kuti malemu anakakamizidwa. Mukuona bwanji?

Gondwe: Basi yagwa kale imeneyo. Munthu wa sitiroko sangalembe wilo, komanso chidindo cha chala si siginecha.

Mbewe wa ku Zomba: A Gondwe, pang'onopang'ono. Chidindo cha chala chimaloledwa, bola chikhale cha mwini wake ndipo adinde ndi cholinga chovomereza wiloyo. Sitiroko nayo payokha sigwetsa wilo. Pali anthu ofa ziwalo mbali imodzi, olankhula movutikira, koma mutu uli bwinobwino. Khothi limafunsa za tsiku lenilenilo: kodi ankadziwa kuti akulemba wilo, ankadziwa chuma chimene ali nacho ngakhale mongoyerekeza, ankakumbukira anthu amene amayenera kuwaganizira, ndipo panalibe matenda a maganizo amene anapotoza chisankho chake? Muyeso umenewu unachokera pa mlandu wa ku Mangalande wa Banks v Goodfellow wa 1870.

Mayi Nachisale, ine ndikanayamba ndi mkulu wa mpingoyo, zokakamizazo zidikire. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti wilo ikhale yolembedwa, mwini wake asaine pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, mbonizo zisainenso pamaso pake komanso pamaso pa inzake. Kunena kwina, anthu atatuwo akhale pamodzi. Ngati mkuluyo sanaone malemu akudinda, ndipo anasainira kwawo malemu kulibe, yatsala mboni imodzi, ndiye kuti wilo yonse yagwa. Apa simufunikanso kukangana za mutu wa malemu kapena za mtima wa mphwake.

Vuto lili apa. Wilo ikakhala yooneka bwino, ndi mawu aja akuti "tasaina tonse pamodzi", khothi limayamba ndi kukhulupirira kuti zonse zinayenda mwa dongosolo. Zimene mkuluyo anauza mayiwo pakhonde si umboni ayi. Alembe chikalata cholumbira msanga, anene tsiku, malo, amene anabweretsa pepala, komanso ngati chidindo chinalipo kale. Muonenso pa wilo yeniyeniyo, osati fotokope: inki ya mboni ziwirizo ndi imodzi? Madeti akufanana? Mboni zotere zimatembenuka zikamva kuti zikavomera pamaso pa jaji kuti zinasainira bodza.

Nachisale: Zikomo bambo Mbewe. Nanga zokakamizazo ndizisiye? Alamuwo ndi zimene akakamira, akuti mnyamatayo ankabweza anthu pakhomo masiku omalizawo.

Mbewe wa ku Zomba: Pa zifukwa zonse chovuta kwambiri kutsimikiza ndi chimenecho. Wonena kuti munthu anakakamizidwa ndiye ayenera kubweretsa umboni, khothi silingoganizira lokha chifukwa choti wopindulayo ndiye ankasamalira wodwala. Kunyengerera, kudandaula, kukumbutsa amalume kuti "ine ndi amene ndakusungani", zonsezo lamulo silikuletsa. Chofunika n'kusonyeza kuti wodwalayo anapanikizidwa mpaka kuchita chimene sankafuna, monga kuopsezedwa kuti asiyidwa yekha kapena kumanidwa mankhwala. Alipo amene anamva zotero ndi makutu ake? Ngati palibe, mukanena n'kulephera, mayi wamasiyeyo akhoza kulamulidwa kulipira ndalama zimene mbali inayo yawononga pa mlandu.

Njira yabwino ndi kunena kuti malemu sanadziwe ndi kuvomereza zimene zinalembedwamo. Mukangosonyeza zokayikitsa, mtolo wobweretsa umboni umabwerera kwa amene akufuna kuti wilo ivomerezedwe. Ndipo zokayikitsa muli nazo: wopindula yekhayo ndiye akuoneka kuti anayendetsa zonse, munthu wosaina wasanduka wodinda, mkazi ndi mwana wa pasukulu asiyidwa popanda mawu. Fufuzani amene anatayipa, amene anapereka malangizo, ngati malemu ankatha kuwerenga atadwala, komanso ngati wina anawawerengera ndi kuwamasulira m'Chichewa asanadinde. Tengani buku lawo lakuchipatala ndi faelo ya kuwodi. Zimene dokotala kapena namwino analemba sabata imeneyo, kaya "akuzindikira anthu" kaya "akusokonezeka", zimalemera kuposa abale khumi onena kuti amalume sankadziwa kanthu.

Chisale J.: Ine ndili ndi ina yofananako. Bambo wina analemba wilo ali wosakwatira, kenako anakwatira, mkaziyo mulibemo. Nayonso ndiyendere mboni?

Nabanda: Yanuyo ndi ina achimwene. Ukwati umafafaniza wilo imene inalembedwa kale, pokhapokha ngati inalembedwa poyembekezera ukwati umenewo. Yerekezani deti la wilo ndi la ukwati, nkhani ithera pomwepo.

Kubwerera kwa a Nachisale, pali chimene sichinanenedwe. Alamu awiriwo akudziwa chimene apeze wilo ikagwa? Ngati pali wilo ina yakale yolembedwa bwino, imeneyo ndi imene igwire ntchito. Ngati palibe, chuma chigawidwa ngati cha munthu wosasiya wilo, ndipo gawo 17 likuika patsogolo mkazi, ana ndi amene ankadalira malemu. Achimwene a malemu amene ali ndi makomo awo sapezapo kanthu. Auzeni lero, pamaso pa mayiwo, chifukwa ena amalimbikira mlandu poganiza kuti nyumba ibwerera ku mtundu. Ndipo wodandaula akhale mayiyo, m'malo mwake ndi mwa mwana wamng'onoyo. Alamuwo khothi likhoza kuwafunsa kuti nkhaniyi ikuwakhudza pati.

Chinanso, ngakhale wilo itapezeka kuti ili bwinobwino, mkazi ndi ana amene sanasiyiridwe zokwanira ali ndi mwayi wopempha khothi kuti liwapatse gawo loyenera kuchokera pa chumacho. Pamenepa simukugwetsa wilo, mukungoidula. Pempholi likhalepo ngati njira yachiwiri.

Gondwe: Pa chidindo ndamva. Koma nyumbayo mayiwo sanasonkheko pomanga? Munthu sangagawe mu wilo chinthu chimene si chake yekha.

Nabanda: Apo mwalasa a Gondwe. Aone dzina limene lili pa mapepala a nyumba, ndi malisiti a simenti ndi malata ngati anasunga. Gawo la mayiwo limachotsedwa kaye, chotsala ndiye chuma cha masiye.

Mbewe wa ku Zomba: Koma zonsezi zisanachitike, pitani ku kaundula wa Khothi Lalikulu mukafufuze ngati mphwakeyo wapempha kale chilolezo choyendetsera chuma. Ngati sichinatuluke, ikani kaviyati kuti chisaperekedwe inu osamvedwa. Ngati chatuluka, mupempha kuti chichotsedwe, pamodzi ndi chiletso choti nyumba isagulitsidwe. Galimoto ndiye imasowa msanga, dziwani kumene ili ndi amene akusunga bulubuku.

Pa pempho lachiwiri lija ndikusiyana pang'ono ndi mayi Nabanda. Ine ndikanaliika padera mpaka mkulu wa mpingo atalumbira, chifukwa mukalionetsa msanga mbali inayo iona ngati mukukayika, ibwera ndi kagawo kochepa kuti mugwirizane.

Nabanda: Ine ndiye ayi. Mwana wa Folomu 2 akufunika fizi teremu ikubwerayi, mlandu wa wilo sutha mwezi umodzi. Komanso mukachedwetsa, chuma chikagawidwa mudzachitola kuti?

Nachisale: Mkulu wa mpingo wavomera kubwera Lachinayi, koma akufunsa ngati iyeyo sapalamula povomera kuti anasaina malemu kulibe. Ndimuyankhe bwanji osamuthawitsa?