Hadisi ya ahadi ingakhale umboni pa akida?

Asalamu alaikumu abale ndi alongo, mashehe athu ndithandizeniko pa nkhani iyi ya mutawatiri ndi ahadi.

Zomwe ndikumva ine ndi zoti mutawatiri ndi hadisi yomwe anailandira anthu ambiri pa m'badwo uliwonse moti sizingatheke kuti onsewo agwirizane bodza, ngati ija yoletsa kumunamizira Mtumiki (s.a.w) mwadala. Yosafika pamenepo ndi ahadi olo itakhala sahihi.

Koma taonani hadisi ya niya ija, yoyambirira mu Bukhari. Anainena Umar, kwa iye anailandira Alikama bin Wakasi, kenako Muhammad bin Ibrahim, kenako Yahya bin Saidi, mmodzimmodzi basi, anthu anachuluka pambuyo pa Yahya. Ndiye ndi ahadi, komatu tikamanena za niya pa swala ndi swaumu umboni wake ndi womwewu ndipo palibe amakana.

Pomwe ndasokonezeka mpa Fatiha. A Shafi amati ukaisiya swala palibe, a Hanafi amati ndi wajibu osati faradhi chifukwa hadisi yake ndi ahadi, siingawonjezere faradhi pa zomwe Kurani yanena. Hadisi imodzi zigamulo ziwiri.

Nanga pa akida? Ena amati ahadi imangopereka ganizo lamphamvu osati chitsimikizo chenicheni ndiye sungamangirepo chikhulupiriro, ena amati ikakhala sahihi ndipo maulama anailandira yakwana. Munthu wokana hadisi yotereyi chigamulo chake nchotani? Komanso olandira afike angati kuti tinene kuti ndi mutawatiri?