Ndingadziwe bwanji pamene pachotsedwa vawelo?

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumamasulira mawu ochotsedwa mavawelo onse. Dzulo ndinalimbana ndi MT MDZ SSNZ DNG, ndipo ngakhale kuti DNG ndinaizindikira msanga kuti ndi denga, MDZ inandisokeretsa kwa nthawi yaitali chifukwa ndinkangowerenga madzi kapena mudzi, osaganiza kuti vawelo ingasowenso kumayambiriro, monga mu umodzi. Yankho linali lakuti mutu umodzi susenza denga.

Chimene chikundivuta kwambiri ndi ichi: ndikaona MT, ndingadziwe bwanji ngati zilembozo n'zogundana, monga mu mtengo, kapena pali vawelo pakati, monga mu mutu ndi moto? Kodi mumayamba ndi liwu lalitali, kapena mumayamba mwalekanitsa magulu monga DZ, NZ ndi NG?