Kasitomala wanga watsala ndi dzanja limodzi, padi ndiikonze bwanji?

Chiko wa ku Ndirande: Akuluakulu a mashopu a magemu ndithandizeniko. Ndili ndi mnyamata wina amene wakhala akusewera FIFA pashopu panga kuyambira kale, ndiye anagwa pa kabaza wa njinga yamoto, mkono wamanzere ulipo koma zala sizigwira, chala chachikulu sichisuntha nkomwe. Dzulo anabwera nkungokhala pabenchi kumaonerera anzake, zinandikhudza kwambiri. Makina ndi PS4, gemu FIFA 23. Dzanja lamanja lili bwinobwino. Pali chomwe ndingapange?

Mavuto: Ngati sitiki yakumanzere sikusuntha ndi fumbi limenelo aise, tsegula padi upukute ndi sipiriti

Chiko wa ku Ndirande: Ayi achimwene padi ilibe vuto, ndi dzanja la munthu

Mavuto: Aaa pepa ndinawerenga mothamanga. Mulungu amuchize mnyamatayo

Yami: Zosavuta izo. Mu FIFA momwemo pa Controller Settings pali One Button, amangodina X basi gemu imasankha yokha kupasa kapena kushuta. Mwana wa mlongo wanga wa zaka 6 amasewera choncho.

Bambo a Tiya: Yami wanena zoona koma wasiyira panjira. One Button imachepetsa mabatani inde, koma osewera amayendabe ndi sitiki yakumanzere, ndiye dzanja lomwe lavulalalo ndi lomwelo. Ntchito yeniyeni ili mu PS4 momwemo osati mu gemu. Chiko pita apa:

```
Settings > Accessibility > Button Assignments
```

Chonga Enable Custom Button Assignments kenako lowa Customize Button Assignments. Mmenemo usinthanitse masitiki kuti yakumanja ndi imene iziyendetsa osewera. Koma usathere pomwepo, pakuti chala chachikulu ndi chimodzi, chikachoka pa sitiki kupita pa X osewera amaima ndipo mpira amulanda pompo. Ndiye X umupititse pa R1, batani loshutira lija la kabwalo ulipititse pa R2. Chala chachikulu chizikhala pa sitiki osachokapo, chamkombaphala pa R1, chapakati pa R2. Ukatero mu gemu usankhe Two Button osati One Button, munthu woti anazolowera mpira zimamupweteka gemu ikamamusankhira poshuta. Mphamvu ya shoti imatengera nthawi yomwe wagwira batani ndiye pa R2 zimayendabe.

Chiko wa ku Ndirande: Ndayesa panopa zatheka bambo!! Koma ndasokonezeka, pa menyu ndikadina X palibe chikuchitika, komanso ana awiri alowa kumene akudandaula kuti padi yapenga

Bambo a Tiya: Eya ndinaiwala kukuchenjeza mwana wanga. Kusinthako kumagwira paliponse ngakhale pa menyu, ndipo sikirini imalembabe X pomwe X weniweni ali pa R1 tsopano. Chachiwiri, zimatsatira munthu amene walowa osati padi. Iweyo wasintha pa akaunti ya shopu nchifukwa chake anawo akudandaula. Chotsa chongi chija, utsegule ina ndi New User yakeyake ya mnyamatayo, usinthire mmenemo. Akabwera adine batani la PS nkusankha dzina lake, mnzake amene akumenyana naye padi yake ikhala mmene inalili.

Esnart ku Joni: Ine amuna anga anadwala sitiroko, kwawo ndi dzanja lamanja lomwe linafooka ndiye masitiki sitinasinthe, tinangopititsa mabatani ku L1 ndi L2. Chomwe chinativuta ndi padi kuthawa. Ukakankha sitiki ndi dzanja limodzi padi yonse imapendekeka, dzanja limatopa ndi kuigwira kusiyana ndi kusewera. Tinaimangirira pa kathabwa ndi mphira wa chubu cha njinga, kathabwako pantchafu. Muzimitsenso kunjenjemera kwa padi, kumaisuntha. Ndipo masiku oyamba asapitirire magemu awiri atatu, dzanja labwinolo ndi limene akudyera ndi kusambira, likayamba kupweteka pamfundo kapena zala kuchita dzanzi aleke.

Yami: Nanga kuthamanga? R2 mwaitenga kale

Bambo a Tiya: Pamenepo ndiye povuta. Ena amakuika pa R3, kudinikiza sitiki yomweyo, koma kudinikiza uku ukuyendetsa kumatopetsa chala ndipo mapadi athu otchipawa sachedwa kutha. Ine ndikanati ayambe opanda kuthamanga sabata imodzi, azipasa kwambiri. Ngati mkono wamanzerewo ukutha kutsamira ndi chikhatho, kuthamanga kupite pa L2 aziipanikiza choncho, koma ayambe wafunsa a fiziyo amene akumuona ngati mkonowo ukuloledwa kulemedwa.

Mavuto: Tsono Loweruka pa mpikisano wa ndalama uja mumulola Two Button? Anyamata adzati gemu ikumuthandiza

Esnart ku Joni: Amene adandaule amange dzanja limodzi kumbuyo asewere naye tione

Chiko wa ku Ndirande: Za mpikisano ndikambirana ndi anyamata kaye sindikufuna phokoso pashopu. Kathabwa ndakapeza kwa kalipentala wapafupi apa, mnyamatayo abwera mawa 4 koloko adzayese yekha, mwina R1 ndi R2 adzafuna ndisinthanitse