Abwana andiyankha ndi dzina loyamba lokha, ndiwalonjere bwanji tsopano?

Wofunsa: Abale ndithandizeni nzeru. Ndangotha miyezi 2 pa ntchito yatsopano. Lolemba ndinatumiza imelo kwa mkulu wa kampani yathu, mayi amene sindinaonanepo nawo maso ndi maso, kuwapempha kuti avomereze lipoti. Pa CC ndinaika abwana anga a mu dipatimenti komanso mnzanga amene tinalembera limodzi lipotilo. Ndinayamba ndi "Olemekezeka Mayi Uje" n'kutsiriza ndi "Ine wanu wokhulupirika", kenako dzina langa lonse. Yankho lawo ndi mzere umodzi basi: "Ndaona, konzani tsamba 4 munditumizirenso." Moni palibe, pansi pake dzina lawo loyamba lokha. Tsamba ndakonza, koma chikhalireni m'mawa ndikungolemba moni n'kufufuta. Ndiwatchule dzina loyambalo? Nanga awiri a pa CC aja ndinalakwa kusawalonjera?

Mlembi wakale: Ndagwira zaka zambiri ndikulembera mabwana makalata, ndiye mverani. Choyamba onetsetsani ngati dzinalo analilemba okha. Funsani mnzanuyo akuonetseni imelo ina yochokera kwa mayiwo. Ngati pansi pake pali dzina lomwelo, malembedwe omwewo, nthawi zonse, ndiye kuti ndi siginecha yongobwera yokha, sikuti akuuzani kanthu. Mukaonanso mawu ngati "Sent from my iPhone", dziwani kuti ankayankha pa foni, mwina ali pakati pa msonkhano, ndipo kufupikako sikukutanthauza kuti mwakhala anzawo kapena kuti akwiya.

Ngakhale atakhala kuti analilemba okha, amene amatsitsa ulemu ndi wamkulu, wamng'ono amatsatira pambuyo, pang'onopang'ono. Ine ndikanalemba "Mayi Uje," basi, n'kunena kuti tsamba 4 lakonzedwa ndi chimene chasintha, n'kutseka ndi "Zikomo" ndi dzina langa. "Olemekezeka" uja musamubwerezenso. Munthu wakuyankhani mzere umodzi, inu n'kumubwezera ulemu wa mizere itatu, zimaoneka ngati simunamve mmene akufunira kuti muzilankhulana. Dzina loyambalo dikirani mpaka adzanene okha kuti muziwatchula choncho.

Za CC musadandaule. Moni amapita kwa amene ali pa To, poti ndi amene mukufuna kuti achitepo kanthu. Enawo akungoonerera.

Mnyamata wa akaunti: Ine sindikugwirizana nazo zochotsa "Olemekezeka". Ulemu sunachotsetsepo munthu ntchito. Ine ndimalemba choncho kwa aliyense, kuyambira mkulu wa kampani mpaka wophunzira ntchito, ndipo palibe anadandaulapo.

Mlembi wakale: Pa imelo yoyamba kwa munthu wamkulu amene simukumudziwa, mukunena zoona achimwene. Koma kwa wophunzira ntchito amene mumakhala naye tebulo limodzi? Amaganiza kuti mukumunyogodola, kapena kuti ikubwerayo ndi kalata yomuchenjeza. Kusadandaula si kukondwa ayi. Mnzanu wofanana naye, "Moni a Uje" ndi "Zikomo" zakwana.

Mayi wina: Nkhani yanga ndi yosiyana pang'ono koma ndiyikepo. Ndinalembera mkulu wina "Bambo Uje" poona dzina lokha, osadziwa kuti ndi mayi, komanso ndi dokotala wa maphunziro. Anandiyankha bwinobwino, osatchula kanthu, koma pansi analemba "Dr" ndi dzina lonse, zimene anzanga anati sachita kawirikawiri. Ndinachita manyazi osaneneka. Kuyambira pamenepo ndikapanda kutsimikiza ndimalonjera ndi udindo, monga "Kwa Mkulu wa Zachuma", ndipo ngati ali Dokotala kapena Pulofesa ndimalemba chimenecho ndi dzina la bambo awo, osaphatikizaponso Mayi kapena Bambo.

Wina: Musavutike ndi ma imelo, ingowaimbirani foni muwauze kuti mwakonza.

Wofunsa: Ayi akulu, lipotilo liyenera kupita pa imelo, anachita kunena okha kuti nditumizenso. A Mlembi, nanga "Okondedwa Mayi Uje" bwanji? Ndimaona ena akulemba choncho.

Mlembi wakale: "Okondedwa" ameneyo ndimamuopa. Ena amamuwerenga ngati moni wamba wa m'kalata, ena amamva chikondi chenicheni, makamaka mwamuna akamalembera mayi amene sakumudziwa. Mukamugwiritsa ntchito, onetsetsani kuti ndi "Okondedwa", osati "Wokondedwa", monganso potseka ndi "wanu", osati "wako". Chilembo chimodzi kapena ziwiri zokha zimawatsitsa abwana kukhala mng'ono wanu.

Mayi wina: Apo ndiye tasiyana a Mlembi. Kwathu ku ntchito "Okondedwa" ndi amene aliyense amalemba, ndipo ukangolemba "Mayi Uje," popanda china patsogolo amati wayankha mwaukali.

Wofunsa: Ndiye poti ndine watsopano, ndiyambe ndafufuza mmene abwana anga a mu dipatimenti amawalembera mayiwa. Imelo yawo ina ndili nayo, anandiika pa CC sabata yatha.

Mlembi wakale: Yang'anani, koma kumbukirani kuti iwowo agwira limodzi zaka zingapo. Akakhala kuti amawatchula dzina loyamba, inu musatengere.