Funso: PMI ikukweza mawu osowa, ndiyeze ndi chiyani?

Anzanga, ndili kuno ku Zomba ndipo ndasonkhanitsa nkhani za m'nyuzipepala za m'Chichewa, mawu onse pamodzi akukwana 500,000. Ndikufuna kupeza mawu amene amakonda kuyendera limodzi ndi "mvula".

Ndikayeza ndi PMI, pamwamba pamabwera mawu osowa kwambiri, ena olembedwa molakwika. Mwachitsanzo, "mvula" ikupezeka ka 400. Liwu lina likupezeka kawiri kokha m'nkhani zonse, ndipo kawiri konseko lagundizana ndi "mvula".

```
log2((2 * 500000) / (400 * 2)) ≈ 10.3
```

Pomwe "yamphamvu" ikupezeka ka 200, ndipo ka 40 yatsatana ndi "mvula", koma ikungopeza 8 basi. Chonsecho aliyense amadziwa kuti "mvula yamphamvu" ndiye zimene timanenadi.

Kodi ndichotse mawu onse opezeka kosakwana kasanu, kapena ndisinthe n'kugwiritsa ntchito logDice?

Chinanso chikundivuta ndi aneni. Kompyuta ikuwerenga "ikugwa", "inagwa" ndi "idzagwa" ngati mawu atatu osiyana, ndiye chiwerengero chikumwazikana. Amene munalimbanapo nazo, mumayamba mwawabwezera ku tsinde lake musanawerenge? Nanga "igwa" ndi "yagwa" mumatani nazo? Chonde ndithandizeni.